Kadontho kakuda ka Hafez

"Achimwene, ndikumasulira ndakatulo za Hafez m'ziganizo wamba za Chichewa. Mnzanga akuti ndazipha, poti mizere yanga sithera mofanana ndipo ilibe kayendedwe ka nyimbo. Ndisiye?"

Musasiye, achemwali. Mawu a mnzanuyo ndinawamvapo pagulu lathu la alakatuli, kwa mkulu wina amene ankawerenga maphatikizo ndi zala ine ndikulakatula. Ndinabwera ndi ndime yotchuka ya Hafez, mlakatuli wa mumzinda wa Shirazi ku Perisiya, wa zaka za m'ma 1300: "Mtuluki uja wa ku Shirazi atatenga mtima wanga m'dzanja lake, ndingapereke Samarikandi ndi Bukhara posinthana ndi kadontho kakuda ka pankhope pake." Mkuluyo anati imeneyi ndi kalata yofunsira mbeta, si ndakatulo. Tinakangana mpaka tiyi anazizira, ndipo pobwerera tinakwera minibasi imodzi osayankhulana.

Mbali ina sananame. M'Chiperisiya mzere uliwonse wa ndakatuloyi uli ndi maphatikizo 16: lalifupi limodzi, aatali atatu, kubwereza kanayi. Chichewa sichisiyanitsa maphatikizo motero. Ife timangokoka phatikizo lotsatizana ndi lomaliza. Ndiye chimene ankawerenga ndi zalacho chinali chiyani? Mathero ofanana nawonso kwathu kuno ndi otchipa, poti mawu athu onse amathera ndi lembo la liwu. Kumaliza mizere ndi "a" ngakhale mwana wa sitandade 2 angathe.

Ndipo onani zimene kukakamira nyimbo kunachita. Mu 1771 William Jones anaika ndakatulo yomweyi m'Chingerezi chomveka bwino kukhutu. Mizere iwiri inasanduka isanu ndi umodzi. Munalowa tsaya lofiira ngati duwa, munalowa golide ndi miyala yamtengo wapatali, koma kadontho kaja kanasowa! Chonsecho mtima wa ndimeyi ndi kusinthanako: mizinda iwiri ikuluikulu kulipira kadontho. Ine tsopano ndimanena mosapsatira kuti wotaya chithunzi pofuna kupulumutsa nyimbo wabera Hafez. Jones anatchulanso wokondedwayo kuti namwali, pamene Chiperisiya sichinena ngati ndi mwamuna kapena mkazi, n'chifukwa chake ena amamvamo Mulungu. Apa Chichewa chili ndi mwayi, "iye" wathu saulula kanthu.

Olemba m'ziganizo wamba nawonso ali ndi tchimo lawo. Wilberforce Clarke mu 1891 anadzaza Hafez ndi matanthauzo auzimu a Chisufi, njira ya Asilamu ofunafuna Mulungu mumtima, m'kati mwa ziganizo, moti wowerenga amapunthwa asanafike pa vinyo amene Hafez amatchula m'ndakatulo zake.

Nanga muchite chiyani?

Ndime iliyonse ya mizere iwiri ikhale payokha, musailumikize ndi inzake ndi "choncho" kapena "chifukwa", poti Hafez amadumpha dala. Vinyo akhale vinyo, ndemanga zipite pansi pa tsamba. Pamene ndakatulo ikubwereza mawu athunthu kumapeto kwa ndime iliyonse, chimene eni ake amati radifu, abwerezeni nanunso. Zimenezo ziganizo wamba zimatha kunyamula. Mukatero muwerengere mnzanuyo mokweza.