Ndisinthe dzina la shopu ya malemu bambo?

"Bambo anatisiyira golosale, yatha zaka 20 ndipo pa chikwangwani pali dzina lawo. Pano ndimagulitsa simenti, malata ndi penti basi. Ndisinthe dzina? Nanga makasitomala akale ndiwauze bwanji?"

Achimwene, musanaitane wolemba zikwangwani, kwerani kabaza kaye kuchokera pa depoti, mungotchula dzina la bambowo osalongosola njira. Akakakutsitsani pakhomo pa shopu, dziwani kuti dzinalo lasanduka keyala, anthu amalondolerana nalo. Ku Blantyre mpaka pano anthu amati "nditsika pa Kandodo Corner Shop" chonsecho masitolo a Kandodo anatha kalekale. Dzina lotere silogula ndi ndalama ayi.

Ndiye ine ndikuona kuti vuto lanu ndi liwu loti golosale lokhalo, chifukwa mmisiri wachilendo amene akufuna matumba 10 a simenti angodutsa poganiza kuti muli sopo ndi shuga. Chotsani limenelo, mulembe hadiweya, dzina la bambo lisiyeni. Kusinthiratu lonse ndi pokhapokha ngati linaipa, mwina munkatuluka katundu wachinyengo, kapena pa banja pali mkangano wa chuma cha masiye.

Kaya musintha liwu limodzi kaya lonse, yambani ndi mapepala. Kalembetseni ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi, mukawadziwitse a MRA kuti nambala yanu ya msonkho ya TPIN igwirizane ndi dzinalo, kenako laisensi ya ku khonsolo ndi ku banki. Koma pomwe ambiri amagwa ndi pa Airtel Money ndi Mpamba. Mayi abwera kudzalipira malata, ataipa nambala, pa foni patuluka dzina lina pomwe pa khoma pali lina, ndiye ndi mmene achulukira akuba a pa foni masiku ano mayiwo amangobweza foni m'chikwama nkumati ndibweranso mawa, osabweranso. Chikwangwani, malisiti, chidindo ndi dzina la pa foni zisinthe sabata imodzi.

Makasitomala akalewo asakamvere pa sitetasi ya WhatsApp chonde. Tengani kabuku ka ngongole kaja, amene ali mmenemo ndi amene bambo ankawadalira, auzeni pamaso kukadali mwezi. Funso lawo limakhala limodzi: "Kodi mwagulitsa?" Ayankheni asanafunse, "Bambo, shopu ndi yomweyi, mwini ndine ndemwe, kabuku kanu kali pomwepo, tangosiya za golosale." Amalume ndi azakhali auzeninso msanga, dzina la malemu likafufutidwa pa khoma iwo osadziwa imasanduka nkhani ya pa banja.

Ngati mwasintha lonse, lembani dzina lakale pansi ndi zilembo zing'onozing'ono, "kale inali yakuti", likhalepo miyezi 6 kapena chaka, ndipo mtundu wa penti wa pa khoma musausinthe nthawi yomweyo. Ena azitchulabe lakale. Celtel inakhala Zain mu 2008 kenako Airtel mu 2010 koma agogo ambiri anapitiriza kufunsa mayunitsi a Celtel. Wotere osamukonza, mpatseni simenti yake ndi lisiti la dzina latsopano.