Uthenga woitana anzawo pa Khirisimasi

"Ndili ndi shopu ya mbewu ndi feteleza ku Nchalo. Ndikufuna kasitomala akabweretsa mnzake pa Khirisimasi onse awiri alandire kanthu. Ndiulembe bwanji uthengawo?"

Achimwene, pewani mawu akuti "mphatso yapadera". Kuno munthu akamva choncho amayembekeza njinga, ndiye mukamupatsa sopo amachoka atakhumudwa. Tchulani chinthucho ndi kuchuluka kwake, ndipo chikhale chofanana kwa onse awiri. Ndikanakhala ine, ndikanalemba chonchi:

"Khirisimasi yabwino! Bweretsani mnzanu amene sanagulepo kwathu. Akagula katundu wa K20,000 kapena kuposera apo, inu ndi iyeyo mulandira shuga wa 1 kg aliyense. Atchule dzina lanu polipira. Zitha pa 2 Januwale."

Mawu akuti "amene sanagulepo kwathu" musawasiye. Mukawasiya, makasitomala akale ayamba kuitanana okhaokha, wina abweretsa ngakhale mkazi wake. Mudzazindikira mukaona kuti shuga akutha koma m'buku mulibe dzina latsopano. Choncho lembani dzina ndi nambala ya foni ya mlendo aliyense, nambala imodzi mphatso imodzi.

Werengeraninso phindu. Ngati pa K20,000 mumatsala ndi K3,000, mapaketi awiriwo asadye yonseyo. Zikavuta, kwezani ndalama yogulirayo, shuga musamuchepetse.

Woitanayo mwina amakhala kutali, monga ku Ngabu kapena ku Bangula, ndipo mvula ikayamba kuyenda kumavuta. Muimbireni tsiku lomwe mnzakeyo wagula, mumusungire shuga wake mpaka kutha kwa Januwale.