Wondigulitsa inshuwalansi akulephera kundionetsa laisensi, ndipitirize kulipira?

"Kwa miyezi 14 ndakhala ndikulipira inshuwalansi ya maliro ya banja langa kudzera mwa bambo wina yemwe ndinamudziwira kwa mnzanga wakuntchito. Ndalama ndimatumiza pa nambala yake ya foni, iye n'kundilembera lisiti. Anandilowetsanso m'ndondomeko ina yosunga ndalama yomwe akuti imabereka 10 peresenti pamwezi. Nditamupempha laisensi yake anandionetsa fotokope ya satifiketi ya kampani, n'kunena kuti yakeyo ili ku ofesi akuikonzanso. Papita miyezi iwiri. Ndi munthu waulemu ndipo sindikufuna kumunyoza. Nditani?"

Mayi, mwezi uno musamutumizire kalikonse, ndiponso musamufunsenso za laisensiyo. Mwafunsa kale, ndipo miyezi iwiri yadutsa osaiona. Funso lenileni likufunika kupita ku kampani yomwe dzina lake lili pa mapepala anuwo, ndipo ndi lalifupi: kodi m'mabuku anu muli pangano la inshuwalansi m'dzina langa, ndipo ndalama zomwe zinafika ndi za miyezi ingati?

Ndiyambe ndi fotokope ija, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amaterereka. Pali mapepala atatu osiyana omwe ogulitsa otere amawasakaniza dala. Loyamba ndi satifiketi yolembetsera kampani. Imeneyi imangonena kuti kampaniyo ilipo ndipo ili ndi dzina. Wogulitsa matayala nayenso ali nayo. Siipereka mphamvu yotolera ndalama za inshuwalansi kwa anthu. Lachiwiri ndi laisensi ya kampani yochitira bizinesi ya inshuwalansi, yochokera ku bungwe loyang'anira makampani a zachuma. Lachitatu ndi chilolezo cha munthuyo kapena kampani yake yaing'ono, chomulola kugulitsa. Ngakhale fotokope yomwe munaona ikhale ya laisensi yeniyeni ya kampani yeniyeni, sikunena chilichonse za bamboyo. Munthu akaimitsidwa pamsewu n'kufunsidwa chiphaso choyendetsera galimoto, satulutsa mapepala a galimotoyo n'kumati nkhani yatha.

Mukatenga pepala lililonse m'manja, yang'anani dzina la bungwe lomwe linalipereka, dzina la wopatsidwa, mtundu wa ntchito yololedwa, ndi tsiku lotha mphamvu. Pa mtundu wa ntchito mpofunika kuima pang'ono. M'maiko ambiri inshuwalansi ya moyo ndi ya katundu zimapatsidwa zilolezo zosiyana, ndipo kutolera ndalama za anthu kuti uziike m'mabizinesi obereka phindu kumafunanso chilolezo chake chapadera. Bambo wanuyo akugulitsa zinthu ziwiri, choncho pepala limodzi silingaphimbe zonse.

Dziko lililonse lili ndi mlonda wake pankhaniyi. Ku Malawi ndi Registrar of Financial Institutions, ofesi yomwe ili ku Banki Yaikulu, Reserve Bank of Malawi. Ku Zambia za inshuwalansi zili m'manja mwa Pensions and Insurance Authority, ku South Africa ogulitsa amaloledwa ndi Financial Sector Conduct Authority, ku Britain ndi Financial Conduct Authority. Mabungwe otere amasunga mndandanda wa omwe anawapatsa zilolezo, ndipo kufunsa ngati wakutiwakuti alipo ndi ufulu wanu.

Koma n'chifukwa chiyani kapepala kameneka kali kofunika, poti munthuyo ndi waulemu ndipo malisiti akukupatsani? Nkhani yagona pa funso loti ndalama yanu imasanduka ya kampani nthawi iti. Ejenti wovomerezeka amaimira kampani. M'malamulo a maiko ambiri, mukapereka ndalama kwa ejenti yemwe kampani inamupatsa mphamvu yotolera, zimatengedwa ngati mwalipira kampaniyo, ndipo akazidya, mlandu ndi wa iye ndi abwana ake. Buloka ndi wina: iye amaimira inu wogula n'kumakufunirani inshuwalansi m'makampani osiyanasiyana, koma nayenso amakhala ndi laisensi yake, ndipo kawirikawiri amakakamizidwa kusunga ndalama za makasitomala mu akaunti yapadera. Munthu yemwe si ejenti komanso si buloka saimira aliyense. Ndalama yomwe mwatumiza pa foni yake ndi ngongole ya pakati pa inu awiri basi. Tsiku la maliro kampani idzatsegula kompyuta, osati kabuku kake ka malisiti.

Mukafika ku kampaniko, mudzapeza chimodzi mwa zinthu zitatu.

Mwina pangano lilipo ndipo miyezi yonse 14 inalipiridwa. Zimachitika ndithu. Pali anthu omwe amagulitsa mobisala pansi pa nambala ya ejenti wina, kapena omwe chilolezo chawo chinatha osakonzanso. Ndi kulakwira malamulo, koma inu simunataye kanthu. Pemphani kuti kuyambira tsopano muzilipira mwachindunji ku akaunti ya kampani, ndipo musasiye kulipira, chifukwa kusiya mokwiya n'kudzipweteka nokha.

Mwina pangano kulibe n'komwe, mapepalawo anangosindikizidwa ndi chizindikiro cha kampani chokopera. Ku Britain mchitidwewu ndi wodziwika pa inshuwalansi ya galimoto, komwe woyendetsa amazindikira kuti alibe chitetezo apolisi atamuimitsa kapena ngozi itachitika kale.

Koma chomwe ine ndimachiopa kwambiri ndi chapakati, chifukwa ndi chovuta kuchizindikira. Pangano linatsegulidwadi, nambala yake ndi yeniyeni, chikalata chomwe muli nachocho ndi chenicheni. Tiyerekeze kuti bamboyo anapereka ku kampani ndalama za miyezi itatu yoyamba, kuti chikalata chituluke ndiponso kuti komishoni ilowe. Mwezi wachinayi sanapereke. Mapangano ambiri amapereka masiku ochitira chifundo, kawirikawiri pafupifupi 30, kenaka pangano limafa. Ndiye kuti pofika mwezi wachisanu munali opanda chitetezo, koma munapitiriza kulipira mpaka wa 14. Miyezi 11 inalowa m'thumba mwake. Mungadabwe kuti kampani sinakuchenjezeni bwanji. Mukapita, pemphani kuona fomu yomwe inadzazidwa poyamba, muyang'ane nambala ya foni ndi imelo zomwe zinalembedwapo. Nthawi zambiri zimakhala za wogulitsayo, ndipo mauthenga onse ochenjeza ankafikira kwa iye.

Pali chinanso chowawa pamenepa. Inshuwalansi ya maliro kawirikawiri imakhala ndi nthawi yodikira, m'makampani ambiri miyezi isanu ndi umodzi, yomwe imfa yobwera ndi matenda siilipiridwa. Pangano lomwe linafa pa mwezi wachisanu silinamalize n'komwe nthawi imeneyo. Mukalidzutsa kapena kutsegula latsopano, kudikirako kungayambirenso, ndipo ngati wina wa m'banjamo wakula zaka kapena wadwala, mtengo ungakwere. Ndalama zobwezeredwa musayembekezere. Inshuwalansi ya maliro wamba siisunga ndalama, ndipo ngakhale mapangano osunga ndalama sakhala ndi chobweza chenicheni m'zaka zoyambirira.

Pofufuza, musagwiritse ntchito nambala ya foni yomwe ili pa mapepala omwe iye anakupatsani. Pali akuba omwe amatenga dzina ndi nambala ya laisensi ya kampani yeniyeni, n'kungosintha foni ndi akaunti ya kubanki. Mukaimba amayankha ndi mnzawo, mwaulemu wonse, n'kukutsimikizirani kuti zonse zili bwino. Nambala itengeni pa mndandanda wa bungwe loyang'anira, kapena pitani nokha ku ofesi ya kampaniyo ndi chiphaso chanu. Musakhutire ndi mawu apakamwa a pa kauntala. Pemphani sitetimenti yosonyeza mwezi ndi mwezi zomwe zinalowa, ndi kalata yonena ngati bamboyo ndi ejenti wawo, kuyambira liti mpaka liti. Madetiwo ndi ofunika: ngati anali ejenti wawo panthawi yomwe ankatolera ndalama zanu, kapena anamuchotsa koma n'kumusiyira mafomu ndi mabuku a malisiti a kampani, muli ndi poyambira pouza kampani kuti isenze mlanduwo. Ikakana, dandaulo lipite ku bungwe loyang'anira. Ngati sanakhalepo wawo, ndi nkhani ya apolisi.

Za 10 peresenti pamwezi sindikufuna kukunyengererani. Tengani 100 muziwonjezera 10 peresenti mwezi uliwonse, phindu likuberekanso: pakutha miyezi 12 yafika 314. Kampani ya inshuwalansi imaika ndalama m'ngongole za boma, m'masheya ndi m'nyumba zochititsa lendi, ndipo palibe chimodzi mwa izi chomwe chingalonjeze kuchulukitsa ndalama katatu chaka ndi chaka mosalephera. Kumene phindu lotere limachokera n'kodziwika: ndalama za olowa lero zimalipira olowa dzulo. Charles Ponzi anachita zimenezi ku Boston mu 1920, akulonjeza 50 peresenti m'masiku 45, ndipo oyambirira analandiradi. Choncho ngati mnzanu wakuntchito uja anakuuzani kuti iye analandira kale phindu, musamuone ngati wabodza. Kulandira kwakeko ndi nyambo yomwe inakukokani inu.

Ndisakunamizeninso kuti laisensi ndi mankhwala a zonse. Bernard Madoff, yemwe anamangidwa mu Disembala 2008, anali ndi kampani yolembetsedwa ku bungwe loyang'anira misika ya masheya ku America, koma anadya ndalama za anthu kwa zaka zambiri. Laisensi siitsimikiza kuti munthu ndi wokhulupirika. Chomwe imachita n'kukupatsani khomo logogoda zinthu zikavuta, kampani yokhala ndi ndalama zosungidwa mokakamizidwa ndi lamulo, ndi ofesi yomwe ingailamule kuti ilipire.

Musanapite kulikonse, sonkhanitsani umboni lero lomwe. Jambulani malisiti onse 14, mauthenga onse a pafoni omwe munalemberana, makamaka pomwe analonjeza 10 peresenti, ndipo pemphani sitetimenti ya ndalama zomwe munatumiza kuchokera ku kampani ya foni kapena kubanki, chifukwa imeneyo imasonyeza dzina la wolandira ndipo iye sangaifufute. Zonsezi muchite asanadziwe kuti mukufufuza. Akadziwa, nambala imazima, kapena amabwera ndi kandalama pang'ono n'kupempha kuti mumubwezere malisiti "akawakonze". Malisiti enieniwo asachoke m'manja mwanu; aliyense wowafuna, ngakhale wa ku ofesi, mupatseni fotokope.

Mukapempha ndalama zanu za kosunga kuja, yembekezerani kumva kuti mukatulutsa msanga mutaya phindu, kapena kuti muyambe mwalipira kandalama kotsegulira. Musalipire. Chimodzimodzi munthu wachilendo akakuimbirani pambuyo pake kuti angakuthandizeni kubweza zomwe zinatayika mukamupatsa kaye ya mayendedwe. Maina a omwe anaberedwa amagulitsidwa, ndipo ambiri amaberedwa kawiri motere.

Pa zoopa kumunyoza zija: ejenti weniweni funso la laisensi amalimva sabata iliyonse, ndipo amakupatsani nambala yake ya ku kampani asanamalize n'kukhala pansi, chifukwa komishoni yake imayendera nambala yomweyo. Bambo wanuyo akakuimbirani kufunsa za ndalama ya mwezi uno, ingomuuzani kuti mwaganiza zolipira ku ofesi ya kampani ndipo akutumizireni nambala ya pangano lanu. Mnzanu wakuntchito uja mumuuzenso, mupitire limodzi, atenge malisiti ake.