Mng'ono wamanga ku Matawale, mkulu mtima ukuwawa

"Achemwali, mng'ono wanga wamanga nyumba ku Matawale, ine ndikadali pa lendi ku Chinamwali. Ndimamukonda, koma akatumiza zithunzi mtima umandiwawa, kenako ndimachita manyazi. Kodi ndine munthu woipa?"

Ayi, simuli woipa, ndipo manyaziwo ndikudziwa kumene amachokera. Kwathu kuno nsanje ndi ufiti timaziika m'dengu limodzi. Mukangoulula kuti zikukupwetekani, mawa mwana wake akadwala malungo anthu ayamba kukuyang'anani cham'mbali. Ndiye timangomeza, n'kumaseka mano okha.

Ine sukulu ndinasiyira Fomu 2. Bambo atamwalira, fizi inali yokwanira mwana mmodzi, ndipo amalume anasankha mng'ono wanga. Ndinayamba kupikula matemba ku Kachulu n'kumagulitsa mumsika wa Zomba, ndalama ina n'kumapita ku sukulu yake. Anakhoza, anapita ku Chanco, lero ali pantchito yabwino. Atagula galimoto ndinaimba nthungululu kuchokera pansi pa mtima, sindinamve kuwawa kulikonse.

Chinandibaya ndi tsiku lomanga chiliza cha bambo. Ndinalawirira, ndinatunga madzi a amisiri, ndinaphika nsima mpaka maso kufiira ndi utsi. Itakwana nthawi yogwirizana mawu olemba pamwalapo, amalume anati, "Tidikire abwana afike, atiuze." Abwanawo ndi mwana amene ndinkamubereka kumbuyo! Anafika dzuwa litapendeka, anthu n'kumupatsa mpando, ine ndili pamphasa.

Ndipo apa ndinene mosabisa: akuluakulu amene amayesa ana ndi ndalama ndiwo amadanitsa abale. Mawu oti "taonani mnzanu" sanalimbitsepo munthu. Ndiye pali alaliki ena ongofuula kuti lapani nsanje osafunsa chimene chinachitika pakhomopo. Kulapa n'kwabwino, koma bala likadalipo.

Nanga inu mutani?

Onani nthawi yeniyeni imene mtima umabaya, chifukwa nsanje simabaya paliponse. Ngati ndi zithunzi za nyumbayo, chimene mukufuna ndi pokhala panu. Kafunseni mitengo ya malo ku Songani kapena ku Thondwe, muone ngati banki m'khonde ingakuyambitseni. Koma ngati umabaya amayi akamamutamanda pagulu, nkhani si njerwa ayi. Mukulira ulemu wa ukulu wanu, kapena thukuta lanu limene palibe analitchulapo. Zimenezo ngakhale mutamanga yosanja sizichoka, zimafuna kukambirana. Ine ndinamuuza mng'ono wanga tili awiri, ndipo zinapezeka kuti za matemba zija ankadziwa theka lokha, chifukwa amayi ankamuuza kuti fizi ikuchokera kwa amalume.

Muchenjere mukayamba kukondwa akapunthwa, kapena pakamwa panu pakayamba kutuluka zoti "anakhwimira ameneyu". Zikafika apo musasungenso mumtima, pezani munthu wamkulu wosunga chinsinsi, osati wa pabanja panu, mumuuze zonse.