Kampani yagawa 30 peresenti yokha ya phindu, zotsalazo zili kuti?

"Kampani yomwe ndili ndi masheya ake yalengeza phindu lalikulu, koma dividendi yomwe tipatsidwe ndi 30 peresenti yokha ya phindulo. Ndalama zotsalazo zimapita kuti? Kodi kumeneku si kutibera? Ndigulitse masheyawa?"

Achimwene, musagulitse chifukwa cha 30 peresenti imeneyo, pakuti ine kampani yomwe inandiliza inkagawa 90 peresenti, ndipo nambala yokongolayo ndi yomwe anandikopa nayo. Bambo wina wa ku ofesi yogulitsa masheya anandiuza kuti kampani yogawa zambiri ndiyo yokonda eni ake, choncho ndinaikamo gawo lalikulu la ndalama zomwe ndinalandira popuma ntchito. Ndikufotokozerani mmene zinayendera, ndipo manambala ndawafewetsa kuti masamu asavute, ngakhale kayendedwe kake ndi komweko.

Tinene kuti kampaniyo inali ndi masheya 1 biliyoni ndipo inapeza phindu la K10 biliyoni itachotsa msonkho. Ndiye kuti sheya iliyonse inapindula K10. Dividendi ndi gawo la phindu limeneli lomwe akuluakulu a bodi asankha kupereka m'manja mwa eni masheya, ndipo chaka chimenecho anapereka K9 pa sheya. Mukagawa K9 ndi K10 mupeza 90 peresenti, ndipo limenelo ndilo gawo logawidwa. K1 yotsalayo, yomwe pa masheya onse ndi K1 biliyoni, inawonjezedwa pa phindu losungidwa, lomwe mu lipoti la pachaka mumalipeza pa mzere wolembedwa kuti Retained earnings. Manambala awiriwa ndi ogwirana: chomwe sichinagawidwe chimasungidwa, kotero kampani yanu ikagawa 30 peresenti ndiye kuti yasunga 70 peresenti. Ine pa masheya anga 100,000 ndinayenera kulandira K900,000, ndipo atadula msonkho wa 10 peresenti mu akaunti munalowa K810,000.

Chaka chotsatira phindu linatsika kufika pa K6 biliyoni, koma bodi inaperekabe K9 pa sheya, ndipo bambo uja anandiimbira foni monyadira kuti ndione kukhulupirika kwa kampaniyo. Chomwe sanandiuze n'chakuti K9 biliyoni yogawidwa pa phindu la K6 biliyoni ndi 150 peresenti, kutanthauza kuti anagawa zoposa zomwe anapeza. Kusiyana kwa K3 biliyoni kunachotsedwa pa phindu losungidwa, lomwe linatsika kuchoka pa K21 biliyoni kufika pa K18 biliyoni, ndipo ndalama zenizeni zotilipira anakatenga ngongole ku banki. Munthu amene ntchito yake ndi kuwerenga malipoti amenewa tsiku ndi tsiku sangalephere kuona zimenezi. Iye anaziona, koma chake chinali komishoni.

Kenaka kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo kampaniyo, yomwe inali ndi ngongole za m'madola kwa omwe ankaigulitsa zipangizo, inalengeza kuti yaluza K5 biliyoni. Dividendi panalibe. Ndinali nditalonjeza kale kusukulu ya mwana wanga kuti fizi ndimaliza ndalamazo zikalowa, ndipo mwanayo anabwezedwa pakati pa temu, atanyamula chikwama chake, anzake akuona. Ndinapita ku msonkhano wa pachaka wa eni masheya nditagwira lipoti m'manja, tsamba nditalipinda pomwe panalembedwa kuti phindu losungidwa likadali K13 biliyoni. Nditapatsidwa maikolofoni ndinafunsa, mawu akunjenjemera, kuti bwanji osatigawirako ngakhale K1 biliyoni yokha pa ndalama zimenezo, popeza ndi zathu. Mkulu woona za chuma anamwetulira, n'kundiyankha mwachidule kuti phindu losungidwa si ndalama zomwe zili ku banki, ndipo wapampando anapitirira ku funso lina ndisanakhale n'komwe pansi. Anthu ena anaseka. Pambuyo pake akuluakulu omwewo anapempha msonkhano kuti uvomereze kukweza malipiro a mamembala a bodi, ndipo zinadutsa chifukwa mavoti amawerengedwa potengera kuchuluka kwa masheya. Ife eni masheya ang'onoang'ono tinapatsidwa chakudya chamasana n'kubalalika.

Chowawa n'chakuti yankho la mkulu uja, ngakhale linali lamwano, linali loona, ndipo apa ndi pomwe anthu ambiri amasokonezeka. Phindu losungidwa ndi chiwerengero cha phindu lonse lomwe kampani sinagawe kuyambira pomwe inayamba, kuchotsapo zomwe inaluza. Ndalama zakezo zinagwira kale ntchito: zina zinagula makina, zina zili m'katundu wa m'nyumba zosungiramo, zina zili kwa makasitomala omwe sanalipire. Zili ngati mwini minibasi amene phindu la chaka chatha anagulira injini. M'buku mwake phindulo lilipo, koma sangagulire ufa. Kampani yanga inali ndi K13 biliyoni pa mzere umenewo pomwe ndalama za m'akaunti zinali zosakwana kulipira ngongole zomwe zinali pafupi. Malamulo a makampani a 2013 salola kugawa dividendi ngati kampani ikatero ilephera kulipira ngongole zake, choncho ngakhale bodi ikanafuna sikanatha.

Tsono pa nkhani yanu, 70 peresenti yosungidwayo ikadali yanu monga mwini, ndipo funso lenileni ndi lakuti ikubala chiyani. Tengani malipoti a zaka zisanu zapitazi ndipo muyang'ane phindu la pa sheya iliyonse. Ngati kampani ikusunga K7 pa K10 iliyonse ndipo phindu la pa sheya likukwera mothamanga kuposa kukwera mitengo kwa zinthu, ndiye kuti ndalamazo zikugwira ntchito, ndipo 30 peresenti ya phindu lomwe lakula idzaposa 90 peresenti ya phindu lomwe likufota. Ngati phindu losungidwa likungotupa chaka ndi chaka koma phindu la pa sheya lili pomwepo, pamenepo mukhoza kukwiya. Muonenso tsamba la kayendedwe ka ndalama, kuti ndalama zolowa kuchokera ku bizinesi yeniyeni zikuposa dividendi yoperekedwa, chifukwa phindu likhoza kukwera papepala pongokweza mtengo wa nyumba zomwe kampani ili nazo, popanda tambala kulowa. Ngati ili banki, dziwani kuti Reserve Bank of Malawi imafuna kuti mabanki akhale ndi mpamba wokwanira poyerekeza ndi ngongole zomwe apereka, choncho banki yomwe ikukula imakakamizika kusunga gawo la phindu. Mufunsenso ngati 30 peresentiyo ndi ya chaka chonse, popeza makampani ambiri a pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange amapereka dividendi ya pakati pa chaka, kenaka yomaliza ikavomerezedwa ku msonkhano wa pachaka.

Komabe kunena zoona, ine lero sindiika ndalama zanga mu kampani yogawa zosakwana theka la phindu lake, ngakhale atandilonjeza kukula kotani. Nditaona mmene bodi ija inadzikwezera malipiro m'chaka choluza, sindikhulupiriranso kuti ndalama zosiyidwa m'manja mwa anthu oterowo zidzabwera kwa ine, ndipo kwacha yomwe yalowa mu akaunti yanga palibe angailande pa msonkhano. Inu ngati fizi kapena lendi ikudalira dividendi imeneyo, pitani nokha ku msonkhano wa chaka chino ndipo mukafunse bodi kuti itchule ntchito yomwe 70 peresentiyo yapita, mtengo wake, ndi chaka chomwe iyambe kubweza.