Mpunga wa m'paketi sununkhira

"Achimwene, ndimagulitsa mpunga wa Kilombero pamsika wa Zigwagwa. Ndinayamba kuulongedza m'mapaketi a kilogalamu imodzi olembedwa dzina langa, koma makasitomala akungondidutsa n'kukagula kwa oyeza m'beseni. Ndalakwitsa pati?" Akufunsa motero mayi wina wa ku Chiputula.

Mayi, paketiyo yatseka mphuno ya wogula. Munthu wa kuno ku Mzuzu sagula Kilombero ndi maso okha. Amatapa m'manja, amanunkhiza, ena mpaka kuluma kambewu kamodzi, chifukwa ambiri anapusitsidwapo: kugula mpunga wosakaniza ndi Faya pamtengo wa Kilombero weniweni wa ku Karonga. Ndiye akaona womata, amaganiza kuti pali chobisika.

Bwezerani beseni patebulo. Mpunga wa m'beseni ndi wa m'mapaketi uchokere m'thumba limodzi, ndipo wokayikira mumuuze asankhe yekha paketi, muitsegule akuona, afananize. Mutaya kapepala kamodzi, koma munthuyo sadzakufunsaninso. Sikelo nayo izikhala pomwepo. Thumba la makilogalamu 50 mukalipeta n'kusankha miyala ndi mankhusu, mwina mutsala mapaketi 48. Musakakamize kuti akwane 50 pochotsa pang'onopang'ono m'paketi iliyonse, amayi ali ndi makapu awo kunyumba ndipo amayeza. Kumbukiraninso kuti wa beseni amaika banyira. Inunso kadzanja kamodzi kapamwamba musakaumire.

Pulasitiki ikhale yoonekera mkati komanso yokhuthala. Yopyapyala, yosafika mamaikuloni 60, boma linailetsa mu 2015, ndipo imabooka msanga. Kumata ndi kandulo kumasiya mwaye ndi timabowo polowera chinyezi ndi anankafumbwe. Kamakina komatira ka magetsi kamachita bwino. Nyengo ya Mzuzu mukuidziwa. Mukaona tinthu tamadzi mkati mwa paketi itakhala padzuwa, mpungawo munaumata usanaume, ndipo uyamba kununkha chuku. Uyanikeninso.

Tsopano za dzina. Ine ndinalakwitsapo apa pamene ndinkagulitsa nsinjiro: ndinkasintha mtundu wa chizindikiro malinga ndi pepala limene osindikiza anali nalo tsikulo. Mwezi uno lobiriwira, mwezi wamawa lachikasu. Kasitomala wina anandiuza m'maso muli gwa kuti ndikugulitsa zachinyengo za "mwini wake wa zobiriwira uja". Mwini wakeyo ndinali ine ndemwe! Ambiri otumidwa kumsika ndi ana, ndipo amauzidwa kuti "ukagule wa chikwangwani chofiira", osati dzina. Sankhani mtundu umodzi, muukakamire. Lembanipo kulemera kwake, tsiku lolongedza ndi nambala yanu ya foni, pa sitika yosasuluka ndi mvula.

Chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards musachijambulepo nokha ayi. Chimaperekedwa akayendera malo anu n'kuyeza katunduyo, ndipo mudzachifuna tsiku limene mudzafune kulowetsa mpungawu m'mashopu akuluakulu a m'tauni.