Tsiku lachiwiri pa mankhwala a impso, thupi likadali kutentha: ndidikire kapena ndibwerere kuchipatala?

"Adokotala, ndili ndi zaka 34. Ndinayamba kumva kuwotcha pokodza, kenaka kuzizidwa ndi kupweteka m'chiuno mbali ya kumanja. Anandiyeza malungo osawapeza, nandiuza kuti ndi matenda a impso. Anandipatsa sipuro wa masiku 7, koma lero ndi lachiwiri ndipo thupi likutenthabe. Mnzanga anapatsidwa a masiku 14. Kodi anga si ochepa? Ndipo ndidziwa bwanji kuti zafika poipa?"

Amayi, kutentha thupi pa tsiku lachiwiri, pakokha, sikutanthauza kuti mankhwala alephera. Impso yotupa imachedwa kuzizira. Ambiri amayamba kupeza bwino pakadutsa maola 48 mpaka 72 chimwereni piritsi loyamba, choncho muwerengere kuyambira pamenepo. Chofunika kuona ndi kumene zinthu zikulowera: ngati dzulo munali pa madigiri 39 lero muli pa 38, kunjenjemera kwachepa, phala likulowa ndipo mukukodza bwino, pitirizani kumwa. Maola 72 akakwana mulibe kusintha, bwererani.

Matendawa kuchipatala timawatcha payelonefiraitisi. Tizilombo take, nthawi zambiri totchedwa ikolayi, timakhala m'matumbo mwathu momwemu. Timalowera kunjira ya mkodzo, kukhazikika m'chikhodzodzo, kenaka kukwera ndi mitsempha ya mkodzo mpaka ku impso. Tikadali m'chikhodzodzo munthu amangomva kuwotcha, kukodza pafupipafupi ndi kupweteka pachinena, thupi osatentha. Tikafika ku impso m'pamene pamabwera kutentha, kunjenjemera kogwedeza mano, nseru, ndi ululu wa kumbuyo pansi pa nthiti, kawirikawiri mbali imodzi, womwe umalasa dokotala akagogoda pamalopo. Anachita bwino kukuyezani malungo, chifukwa kuno kwathu ziwirizi zimasokonezana kwambiri. Ndimadandaula ndi anthu amene amangogula mankhwala a malungo pagolosale, n'kutaya masiku atatu impso ikunka ikutupa.

Pali zizindikiro zina zimene simuyenera kudikira nazo maola 72. Impso imasefa magazi usiku ndi usana, ndiye tizilombo tikachuluka m'menemo sitivutika kulowa m'magazi. Zikatero munthu amayamba kupuma mofulumira. Wina akuwerengereni mwakachetechete kwa mphindi imodzi: mukapuma ka 22 kapena kupitirira muli chogona, n'zoopsa. Mtima umagunda mothamanga, mukaimirira mumachita chizungulire, ndipo akakuyezani bipi nambala yapamwamba imakhala 100 kapena kutsikirapo. Chizindikiro chimene wodwala sadziona yekha ndi kusokonezeka mutu, kuyankha zosagwirizana kapena kungosinza, n'chifukwa chake musagone nokha m'nyumba masiku ano. Onjezanipo kukhala tsiku lonse osakodza kapena kungodontheza, manja ndi mapazi kuzizira, ndi kusanza kosalekeza. Kusanzaku anthu amakupeputsa, koma piritsi lomwe mwasanza silinagwire ntchito. Mukasanza mankhwala kawiri motsatizana mufunika a jakisoni kapena a m'diripi. Chimodzi chokha mwa izi, nyamukani ngakhale pakati pa usiku.

Tsopano za mankhwala. Dokotala posankha amayamba wadzifunsa ngati mankhwalawo amafikadi m'mnofu wa impso. Naitirofurantoyini ndi wabwino zedi pa matenda a m'chikhodzodzo, chifukwa amadzaza mumkodzo, koma m'magazi ndi mu impso amakhalamo wochepa. Wodwala impso akamwa ameneyu, kuwotcha pokodza kumatha kuchepa pamene matenda enieni akukula. Sipurofulokisasini, sipuro wanuyo, amalowa bwino mu impso, ndipo mlingo wozolowereka kwa wamkulu ndi mamiligalamu 500 kawiri pa tsiku kwa masiku 7.

Apa m'pomwe pali yankho la za mnzanuyo. Kutalika kwa masiku kumatsata mtundu wa mankhwala ndi momwe wodwalayo alili. Sipuro amamaliza ntchito m'masiku 7. Bakitirimu wakhala akuperekedwa kwa masiku 14, ndipo a gulu la amokisilini ndi anzake amatenga masiku 7 mpaka 10, nthawi zina kufika 14. Kwa abambo, ngati matenda akhudza pulositeti, kachiwalo kokhala pansi pa chikhodzodzo, masiku amafika 14 kapena kupitirira. Ndiye mwina mnzanuyo anapatsidwa mtundu wina, kapena anali ndi vuto lina lowonjezera. Anu si ochepa, ndipo kuwonjezera masiku mwa inu nokha kumangobweretsa kutsegula m'mimba ndi kuzoloweretsa tizilombo.

Funso lovuta kwambiri ndi lakuti kodi tizilombo tanuto timamva mankhwalawo. Pa chipatala cha Gulupu ku Blantyre akhala akuyeza magazi a odwala otentha thupi kwa zaka zambiri, ndipo pofika mu 2016 pafupifupi ikolayi atatu mwa khumi aliwonse opezeka m'magazi sankamva sipuro. Chimodzimodzinso sefitiriyakisoni, jakisoni amene zipatala zathu zimadalira kwambiri. Amenewo anali odwala ogonekedwa, choncho si kuti chiwerengerocho chikukhudza aliyense wa kumudzi mofanana, koma chikutiuza kuti mankhwala oyamba akhoza kuphonya. Bakitirimu ndiye tizilombo tambiri tinamuzolowera kale, makamaka mwa amene amamwa tsiku ndi tsiku pamodzi ndi mankhwala otalikitsa moyo. Mukabwerera, nenani ngati munamwapo sipuro kapena mankhwala ena ophera tizilombo m'miyezi itatu yapitayi, kapena ngati munagonekedwapo, chifukwa zimenezo zimasintha chisankho. Kumene kuli labu yotha kumeretsa tizilombo ta mumkodzo, zotsatira zimatuluka pakatha masiku awiri kapena atatu ndipo zimatchula mankhwala amene angagwire. Mkodzowo umayenera kutengedwa musanayambe kumwa, koma ngakhale mutayamba kale, mankhwala akamakanika pemphani kuti auyeze.

Si nthawi zonse pomwe vuto limakhala mankhwala. Mwala ukatseka njira yochokera ku impso, mafinya amaunjikana kumtunda kwake, ndipo palibe piritsi lomwe lingachiritse mpaka njirayo atayitsegula. Mu impso mungapangikenso thumba la mafinya. Kwa amene anakulira kunyanja, likodzo lakale limasiya zipsera zopanikiza njira ya mkodzo. Zonsezi zimaoneka pa sikani, ndipo munthu wotenthabe pakatha maola 72 ndiye woyenera kujambulidwa.

Simunanene ngati muli ndi pakati. Ngati mwadumpha mwezi kapena mukukayikira, bwererani lero lomwe mukawauze. Woyembekezera sapatsidwa sipuro pa matendawa, ndipo nthawi zambiri amagonekedwa n'kuyamba ndi jakisoni, chifukwa angathe kubereka mwana masiku asanakwane. Odwala shuga, achikulire, a impso imodzi ndi amene chitetezo chawo chatsika, nawonso asamadikire kunyumba nthawi yaitali.

Pomwa sipuro, siyanitsani maola 12. Musamwere mkaka kapena chambiko, ndipo mapiritsi owonjezera magazi ndi a chilungulira amamugwira m'mimba kuti asalowe m'magazi. Imwani sipuro maola awiri izi zisanalowe, kapena patadutsa maola 6. Pa ululu ndi kutentha imwani panado, bulufeni ndi dikilofenaki muziike kaye pambali popeza zimalemetsa impso yodwala. Imwani madzi mpaka mkodzo uyere. Mukamva kupweteka kapena kutupa pa mtsempha wa kuseri kwa chidendene, siyani sipuro mukawauze tsiku lomwelo kuti akusinthireni.